Dzanja la Paphewa la a Blasius

Ethel anafika ku shopu ya a Zubairu m'mawa, dzuwa la ku Liwonde litayamba kale kuwotcha malata. Galimoto anaiimika pakhomo penipeni, pamene anyamata akabaza amapumira, ndipo analowa osaodira. Maness anamuonera pa zenera. Anali asanaonane chiikireni maliro a bambo awo ku Utale.

"Takulandirani, achemwali," anatero Maness uku akuimirira.

"Khala pansi, iwe, sindikhalitsa. Ndamva kuti masiku ano ukujambulitsa zithunzi pa kompyuta."

Shopuyo inali yosindikiza makadi aukwati, makalendala a mipingo, matisheti a makwaya ndi a matimu a mpira. Maness ndiye anali wa pa kompyuta. Iye ndi Ethel anali a bambo mmodzi, mimba zosiyana. A Blasius, mphunzitsi wa ku pulayimale, anali ndi banja lawo la mutchalitchi ku Phalula, kwa Anangondo, kumene kunabadwa Ethel ndi mlongo wake Festus. Maness anabadwira kumbali, ku Utale, kwa mayi wina amene anamwalira iye ali ku sekondale. Ku Phalula dzina lake silinkatchulidwa.

Koma sitiroko itagwetsa a Blasius, mbali yakumanzere n'kufa, abale a Anangondo anakhala pansi n'kugamula kuti mkamwini akadwalire kwawo. Anawakweza pa matola n'kukawatula ku Utale, kumene alongo awo onse anali atatha. Maness anasiya ntchito n'kukakhala nawo mpaka tsiku lawo lomaliza. Ankawasambitsa, kuwatembenuza, kuwamwetsa phala ndi supuni, kuchapa zofunda zimene wina sakanazinyamula ngakhale ndi mtengo. Maliro atatha anabwerera kwa a Zubairu, ndipo anapeza ntchito itasintha. Makasitomala ankabwera ndi mafoni, kuonetsa zithunzi zojambulidwa ndi AI, n'kumati tikufuna ngati ichi. Anaphunzira yekha kulembera makinawo malangizo m'Chingerezi, kulakwitsa, kulembanso, mpaka dzanja linazolowera.

Ethel anaika foni patebulo. "Chiliza cha adadi chatha kumangidwa. Mwezi wamawa tikukachidalitsa, ndipo tikufuna matisheti oyera. Koma osati zachimidzi zija zomata nkhope yamunthu ngati ya pa chiphaso. Ndikufuna izi."

Anaonetsa chithunzi cha pa intaneti: nkhope ya mkazi yojambulidwa ndi mzere umodzi wakuda, woyenda osaduka kuchokera kutsitsi mpaka pachibwano, kumbuyo kuli mbee.

"Zitheka," anatero Maness. "Tigwiritsa chithunzi chiti?"

"Chilipo chimodzi chokha chimene tili nawo limodzi atakalamba. Ndakutumizira pa Watsapu."

Maness anachidziwa asanachitsegule. Chinali cha pa Khirisimasi ina, ulendo umodzi wokha umene Ethel ndi Festus anabwera ku Utale ndi shuga ndi sopo. Amene anajambula ndi a Jasten, oyandikana nawo nyumba. A Blasius anali pampando pakhonde, chipewa chawo kumutu, Ethel kumanja, Festus kumanzere. Kumbuyo kwa mpando kunali Maness, dzanja lake lili paphewa la bambo ake. Woona akanati n'chikondi chabe, koma chikhala kuti anachotsa dzanjalo, madalawo akanapendekera kumanzere mpaka kugwa.

Ethel atapita, Maness anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Ethel sanamufunse ngati akufuna kukhalapo pa tishetiyo, komanso sanamuuze kuti asakhalepo. Anthu onse a ku Phalula adzavala nkhope yake pachifuwa! Anadzigwira kuti asasangalale, koma chimwemwe chinalowabe ngati nyerere m'shuga.

Anayamba masana omwewo. Anaika chithunzicho m'pulogalamu yojambula n'kulemba mwachidule kuti chijambulidwe ndi mizere. Chimene chinatuluka chinali chokongola koma chopanda ntchito: ngati cha pensulo, mithunzi pansi pa maso, mtengo wa mango, nsanamira za khonde, ngakhale nkhuku imene panalibe. Kumbuyo kunali kotuwa ngati pepala logona m'kabati.

A Zubairu, mwini shopu, anasuzumira paphewa pake. "Mashallah, chatha kale?"

"Iyayi, bwana. Ichi mpeni sungachidule."

Matisheti a mtundu umodzi ankawapanga ndi pulasitiki yomata. Makina ankaidula ndi kampeni kotsata m'mphepete mwa mzere, kenako munthu n'kutongosola zosafunika, chotsalacho n'kuchimata pansalu ndi chitsulo chamoto. Mpeni sudziwa mthunzi. Umadziwa chakuda chenicheni ndi choyera chenicheni. Kumbuyo kukatuwa ngakhale pang'ono, kompyuta imatola timadontho ponseponse, mpeni n'kumabaya pulasitiki ngati nkhuku pa mphale.

Ndiye analembanso, ulendo uno mosasiya mpata. Anati mzere ukhale umodzi, wakuda, wosaduka, wonenepa mofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ngati wojambula sananyamule cholembera papepala. Anati kumbuyo kukhale koyera koti mbee, kopanda mthunzi, kopanda mtundu wina uliwonse. Za mtengo wa mango sanazitchule, pakuti anali ataonapo kale kuti nthawi zina ukatchula chinthu pochikana, makinawo amangomva dzina lake n'kuchibweretsanso. M'malo mwake ananena chimene akufuna: anthu anayi okha, mmodzi pampando, pamalo opanda kanthu.

Chinatuluka choyera bwino. Koma munthu wa pampandoyo sanali a Blasius. Anali bambo wina wamphamvu zake, wokhala mowongoka ngati akudikira kuitanidwa ku ofesi. Mizere ikachepa, makwinya amapita, ndipo nkhope imasanduka ya aliyense. Maness anazindikira kuti pachithunzi chotere munthu amadziwika ndi zinthu ziwiri kapena zitatu basi, ndipo zinthuzo uyenera kuzitchula wekha. Anatseka maso n'kuwaona bambo ake. Chipewa chokhala chakutsogolo. Magalasi aakulu otsetsereka pamphuno. Phewa lakumanzere logwa, dzanja lopinda lili pantchafu ngati likubisa kanthu. Analemba zimenezo chimodzichimodzi.

Panatenga masiku. Magetsi ankathima, netiweki inkathawa, ndipo ulendo uliwonse makinawo ankajambula chatsopano: phewa likakhala bwino chipewa chinkasanduka chisoti cha mpira, chipewa chikabwerera Festus ankamera ndevu. Komanso mzere umene ankaunena kuti ndi umodzi sunali umodzi. Akachikulitsa ankapeza maduka, maso akuyandama paokha ngati nyemba m'madzi. Maduka amenewo ankawalumikiza yekha ndi dzanja, pang'onopang'ono, m'pulogalamu yokonzera zithunzi.

Tsiku limene chinatheka, Maness anautsata mzerewo ndi maso. Mzere unayambira pansapato ya Ethel, kukwera, kuzungulira mutu wake, kutsikira m'chipewa cha a Blasius, kupanga magalasi, kugwera paphewa, ndipo paphewapo unasanduka zala zake, n'kukwera mkono wake mpaka kumutu, kenako kutsikira kwa Festus. Madala a pampandowo anali bambo ake, otopa, opendekeka, amoyo. Anachitumiza kwa Ethel. Chizindikiro chinaonetsa kuti wachiona. Yankho silinabwere.

Anabwera okha Loweruka, Ethel ndi Festus, shopu ili yodzaza. Pabenchi panali amayi atatu a kwaya odikira mayunifolomu awo. Festus, amene ankagwira ntchito m'boma ku Balaka, anawerama pa kompyuta n'kuimba mluzu.

"Eee! Adadi enieni awa. Taonani phewalo."

"Adadi ali bwino," anatero Ethel. "Chotsapo uyu."

Chala chake chinali pagalasi, pamutu pa Maness.

"Achemwali, ameneyo ndine."

"Ndili ndi maso. Ndati chotsapo. Unaganiza kuti amayi avala mwana wapathengo pachifuwa, pamaso pa abambo mfumu ndi mpingo wonse? Ine ndinakutumizira chithunzi kuti utengepo adadi, osati udzilowetse m'banja."

Amayi a kwaya aja anasiya kucheza. Mmodzi anayang'ana kudenga ngati kuli nkhani.

"Simunanene," anatero Maness motsitsa mawu.

"Zina munthu wanzeru sachita kuuzidwa."

Festus anakanda kumutu. "Usazitengere kumtima, Maness. Ndi za amayi izi, ukudziwa shuga wawo uja. Tangochotsa, si kompyuta imachita yokha?"

Maness anakoka mpando. Analemba kuti mkazi woima kumbuyo kwa mpando achotsedwe, zina zonse zikhale momwe zilili. Anawerenga chiganizocho kamodzi kuona ngati Chingerezi chili bwino, n'kutumiza. Onse anadikira kagudumu kakuzungulira pagalasi.

Mutu unapita. Thupi linapita. Pamene panali Maness panali poyera. Koma paphewa la a Blasius panatsala dzanja, zala zisanu zogwira zolimba, zopanda mwini. Makinawo analitenga ngati mbali ya phewa, pakuti mzere wake unali womwewo.

Festus anaphulika kuseka. "Mzukwa! Adadi agwidwa ndi mzukwa!"

Mmodzi wa amayi aja anaseka nawo, kenako n'kutseka pakamwa ndi chitenje.

"Yesanso," anatero Ethel.

Maness analemba kuti paphewa pasakhale kanthu. Ulendo uno dzanja linachoka, koma makinawo anajambulanso zonse. Phewa linawongoka, chipewa chinakhala chakumbuyo, magalasi anachepa. Pampando panabwereranso bambo wachilendo uja.

"Iyayi, awa si adadi," anatero Festus. "Bwezera cha mzukwa chija."

Maness anachibwezera. "Dzanjali ndilifufuta ndekha," anatero. "Kumbuyo n'koyera, sipatsala chipsera. Ndingolumikiza mzere wa phewa ndi wa achimwene."

"Dikira."

Ethel anali atapendeketsa mutu, akuyang'ana zala zija. Maness anaona nkhope yake ikumasuka, ngati ya munthu amene wapeza nsalu yabwino pansi pa mulu wa kaunjika.

"Usalifufute. Dzanjali ndi lokongola. Likusowa mwini basi." Anatsegula foni yake n'kufufuza. "Nachi. Amayi pa ukwati wa Festus, avala chilundu ndi duku. Uwaimike kumbuyoko, dzanjali likhale lawo."

Maness anamuyang'ana. "Amayi sanafikeko ku Utale, achemwali. Anabwera tsiku la maliro lokha."

"Tisheti si khoti."

"Dzanjalo linkawagwira kuti asagwe."

"Ndiye bwino. Mkazi ndi amene amagwira mwamuna wake kuti asagwe. Kapena ukufuna anthu aziti a Blasius anafera m'manja mwa ndani?" Ethel anatembenukira kwa a Zubairu, amene anali atatuluka m'chipinda cha makina. "Bwana, wantchito wanuyu amasankha ntchito? Ngati zavuta tinene, ku Zomba kuli mashopu."

A Zubairu anapukuta manja pa nsanza. Sanali munthu woipa, ndipo nkhani ya ku Utale ankaidziwa, pakuti ndi iwo anamusungira malo. Koma matisheti anali ambiri.

"Kasitomala sabwezedwa, Maness," anatero osamuyang'ana. "Za kumudzi mukakambirane kumudzi."

Maness akanatha kuimirira n'kutuluka. Anaganizapo. Koma anaona m'maganizo mwake mnyamata wina wa ku Zomba, amene sanawaonepo a Blasius, akulemba chiganizo chimodzi n'kulandira chilichonse chotuluka. Anthu akanavala bambo wachilendo wowongoka uja, ndipo Ethel sakanadandaula. Bambo ake akanafufutika pamodzi ndi iye.

"Tumizani chithunzicho," anatero.

Kuika Anangondo sikunali kophweka. Atapereka zithunzi ziwirizo pamodzi, makinawo anawapatsa mkono wachitatu. Ulendo wina anawaimika bwino koma n'kuwongolanso a Blasius. Pamapeto pake Maness anawajambulitsa paokha, ndi mawu omwe aja a mzere umodzi wakuda wonenepa mofanana pamalo oyera, n'kutchula duku lomangira kutsogolo, masaya odzaza, mkono wakumanzere wotambasulira pansi. Kenako anawadula n'kuwaimika kumbuyo kwa mpando. Anangondo anali aafupi kuposa iye, ndiye anawakweza pang'ono kuti mkono ufike. Anakulitsa chithunzi mpaka mzere unaoneka ngati msewu, n'kulumikiza mkono wa mayiwo ndi dzanja lake. Anasalaza polumikizirapo mpaka iye mwini sakanatha kuloza kuti ndi apa.

Ethel anayankha nthawi yomweyo, ndi timitima titatu.

Sabata yotsatira inali yotongosola. Makina ankadula chithunzicho chotembenuka, kumanja kuli kumanzere, kuti chikamatidwa pansalu chiwongoke. Maness ankakhala pafupi ndi khomo pofuna kuwala, singano m'manja, kuchotsa pulasitiki yosafunika m'kati mwa magalasi a bambo ake, m'makona a duku, pakati pa zala. Pakati pa zala m'pamene pankavuta. Mipata yake inali yaing'ono, ndipo ukakoka mwamphamvu mzere unkanyamuka nawo. Anatero tisheti ndi tisheti, za ana, za akulu, za amayi onenepa a ku Phalula, mpaka maso anayamba kuona mizere ngakhale pakhoma loyera.

Tsiku la mwambo anakwera ndi katoni ya matisheti pa minibasi mpaka ku Balaka, kenako panjinga yamoto kulowa ku Utale, fumbi lili kobo. Ethel anamupatsa ntchito yogawa, popeza ndi iye ankadziwa masaizi. Anagawa mpaka katoni inatsala pansi. Atatsala ndi imodzi, mlamu wake wa Festus anafika mochedwa, ndipo Ethel anailanda m'manja mwa Maness n'kumupatsa.

"Iwe ukakhala kumoto, ingade," anatero.

Misa inachitikira kumanda komweko, pansi pa mitengo ya mitsanya. Anthu ovala zoyera okhaokha, aliyense ndi a Blasius pachifuwa. Maness anaima kumbuyo ndi amayi ophika, atavala bulauzi yake yabuluu. Chiliza chitawazidwa madzi odalitsa, anaimirira a Ganizani, mkulu wa mphakati wa ku Phalula, kuti alankhule m'malo mwa banja. Anakoka tisheti yawo kutsogolo ndi zala ziwiri kuti onse aone.

"Abale anga, ine sindilankhula zambiri, chithunzichi chalankhula kale. Taonani dzanja ili. Masiku ano akazi amathawa mwamuna akangoyamba kutsokomola. Koma mayi awa, Anangondo, analonjeza pa guwa kuti pamtendere ndi pamavuto, ndipo taonani, mpaka mapeto dzanja lili paphewa. Atsikana, muphunzirepo."

Anthu a ku Phalula anawomba m'manja, wina n'kuimba nthungululu. Anangondo anaweramitsa mutu n'kupukuta maso ndi kampango. A ku Utale anangoti zii. Ankadziwa amene ankatunga madzi a odwala pa mjigo, koma anali atavala matisheti aulere, ndipo mpunga unali pamoto.

Festus pothokoza anawonjezera kuti chithunzicho sichinajambulidwe ndi munthu. "Ndi AI imeneyi, makina okhaokha. Umangoipatsa chithunzi, iyo n'kutulutsa mmene zinalili." Anthu anagwedeza mitu, kudabwa ndi dziko kumene lafika.

A Jasten, amene anajambula chithunzi chenicheni chija, anamupeza Maness akutsuka mbale kuseri kwa nyumba imene ankadwaziramo bambo ake. Anaima pafupi, tisheti ikuwalendewera m'mapewa.

"Ine ndikukumbuka kuti kumbuyo kuja kunali iwe," anatero.

"Mwakumbuka bwino, agogo."

"Nanga makinawo anasokoneza?"

"Iyayi. Makinawo amachita zimene wawauza."

A Jasten anayang'ana pachifuwa pawo, n'kuyang'ana manja a Maness ali m'thovu. Anatsegula pakamwa, koma kutsogolo kunamveka kuti nyama yayamba kugawidwa, ndipo anapita.

Patapita milungu ingapo, mvula yoyamba itagwa, minibasi inatsitsa mayi wachikulire pafupi ndi shopu. Anayenda pang'onopang'ono, akuzemba zithaphwi, ambulera ili m'khwapa. Maness anawazindikira ndi duku. Anali asanalankhulanepo chibadwire, kupatula moni wa pamaliro.

"Odi," anatero Anangondo pakhomo.

"Lowani, amayi." Anawapatsa mpando.

Anakhala n'kupuma kaye, akusisita mawondo. Pafupi ankaoneka okalamba kuposa pa chithunzi cha ukwati chija. Masaya anali atagwa, ndipo miyendo inali yotupa.

"Ndabwera ku chipatala kudzatenga mankhwala, ndiye ndinati ndidzere," anatero. "Ethel akuti ndiwe unauza makina aja."

"Eya."

"Ndikufuna chachikulu, cha mufelemu, ndikapachike pabalaza. Anthu akumabwera kudzachiona pa tisheti, koma tisheti ikutha ndi kuchapa." Anazengereza. "Koma pali chimodzi chinaiwalika. Dzanjali lilibe mphete. Ine mphete yanga sindinaivulepo."

Anatambasula dzanja lawo patebulo. Mpheteyo inali italowa m'mnofu.

Maness anatsegula chithunzicho. Izi sizinafune makina. Anakulitsa chala chachinayi, n'kudula mzere, n'kuupinda kuti uzungulire kamodzi usanapitirire. Anangondo anakokera mpando pafupi, akuonerera kamphete kakubadwa pagalasi.

"Eya, choncho," ananong'ona. Maso awo anali pa mwamuna wopendekeka uja. "Anali atawonda chonchi?"

"Kuposa apa."

"Achimwene anga ndi amene anagamula, ukudziwa. Ine ndinali ndi shuga, sindikanatha kuwanyamula. Ndinkati ndipita mvula ikatha, kenako ndinkati tikakolola." Anapukuta pakamwa ndi nsonga ya chitenje. "Iwe unali nawo. Tandiuza, mwanawe. Ankanditchulako?"

Maness sanachotse maso pagalasi. A Blasius ankawatchula tsiku lililonse. Lilime litalemera, mawu ena onse atatayika, dzina la Anangondo ndi limene linatsala. Galimoto ikamveka kumsewu ankayesa kudzuka. Maness akamawasambitsa ankamuitana Nangondo, akamawamwetsa phala ankathokoza Nangondo, ndipo m'mawa umene anamwalira anagwira mkono wake n'kumufunsa Nangondo chifukwa chake anachedwa chotere. Dzina la Maness sanalitchulepo chidwalireni.

Mayiwo ankadikira. Mawu amodzi okha akanawakwanira kupita nawo ku Phalula n'kukagona tulo.

"Iyayi," anatero Maness. "Ngakhale kamodzi."

Anangondo anaphethira. "Ngakhale pomwalira?"

"Ndinawafunsapo ngati ndikuitaneni. Anatembenukira kukhoma."

Mayiwo anabweza dzanja lawo patebulo n'kulibisa m'chitenje. Anakhala choncho, akuyang'ana pansi, mpweya ukutuluka mwaphokoso. M'chipinda chamkati makina a a Zubairu ankalira, akudula manambala a timu ya mpira. Maness anadikira kuti amve kukoma, kapena chisoni, koma m'chifuwa munali mbee.

"Felemu mukufuna yakuda kapena yagolide?" anafunsa.

Anangondo anayang'ananso pagalasi. Kenako anati yakuda, ndi mawu aang'ono ngati a mwana.

Maness anasindikiza chithunzicho papepala lolimba, n'kuchiika mufelemu, n'kupukuta galasi ndi nyuzipepala. Anachikulunga bwino m'pulasitiki chifukwa cha mvula. Mayiwo poimirira anadzandira, n'kugwira m'mphepete mwa tebulo. Maness anaona, manja ake ali pa kiyibodi, ndipo sanasunthe.

Anawaonera pa zenera akuwoloka msewu, felemu ili m'khwapa limodzi, ambulera m'khwapa lina. Minibasi ya ku Balaka inaima, kondakitala n'kuwakalipira kuti afulumire. Felemuyo inakana kulowa bwino pakhomo, ndipo mnyamatayo anailanda n'kuiponya kumbuyo, pamwamba pa dengu la nsomba zouma.